Ganizo lofika poyamba ndilo limakhala pampando

Uthenga wa wapampando wa gulu la achinyamata lomwe ndinakuliramo unali wachidule: "Achemwali, mudzabwere Loweruka mudzatilimbikitse. Anthu asiya kubwera ku misonkhano, ndiye tikufuna kuchititsa mpikisano waukulu wa mpira. Ena akukayikira." Ndinauwerenga kawiri. Vuto linalimo, mankhwala ake analimo, ndipo ntchito yanga inalimonso, yoti ndikakankhe okayikirawo kuti avomere. Ndinamuyankha kuti ndibwera, koma za mpira sindikayankhulako. Ndinamupempha kuti akonze mapepala osalembapo okwanira aliyense, zolembera, ndi choko.

M'kaundula wa gululi munali mayina 32. Masabata ambiri ankabwera anthu 12, koma tsikulo, poti kunamveka kuti kubwera mlendo, anafika 18. Mlembi anali atalemba kale pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu: KODI TICHITITSE MPIKISANO WA MPIRA KAPENA AYI? Ndinayambira pa funso limenelo, ndipo zomwe ndinanena ndikuzikumbukira bwino chifukwa ndinazikonzekera kwa sabata yathunthu.

"Ang'ono anga," ndinatero, "funso lili pa bolodili lili ndi mayankho awiri okha, eya ndi ayi. Mukati eya, mwasankha mpira. Mukati ayi, mwasankha kukhala momwe mulili, anthu n'kumapitabe. Ndiye aliyense wokonda gulu lino avomera, ngakhale mpirawo asakuukhulupirira, chifukwa kukana kukuoneka ngati kusalabadira. Mukhala ndi chisankho, muwerenga manja, mlembi alemba kuti gulu lagwirizana. Koma simunasankhe kanthu. Munthu amasankha akakhala ndi zinthu zingapo patsogolo pake. Apa mwangolandira chomwe chinafika poyamba."

Wapampando anali akumwetulira, koma kumwetulira kwa munthu amene waitana mlendo kenaka mlendoyo wayamba kusuntha mipando ya m'nyumba. Ndinamutsimikizira kuti ganizo lake sindikulitaya. Mwina ndilo labwino koposa. Chomwe sitingathe n'kudziwa zimenezo lisanaime pambali pa anzake.

Ndinawauza za katswiri wina wa ku America, Paul Nutt, amene anatha zaka zambiri akutsatira momwe mabungwe amapangira ziganizo. Pa ziganizo 168 zomwe anazifufuza, anapeza kuti zosakwana zitatu mwa khumi zilizonse ndi zomwe akuluakulu anayerekezapo njira zoposa imodzi. Zina zonsezo zinali za "tichite kapena tisachite", ndipo mwa zimenezi zoposa theka zinakanika m'kupita kwa nthawi. Pomwe panali njira ziwiri kapena kuposa, zokanika zinali pafupifupi chimodzi mwa zitatu. Awa anali anthu ophunzira, olipidwa kuti aziganiza. Ndinawauza dala zimenezi kuti asaone ngati ndikunena kuti vutoli ndi lachibwana.

Kenaka ndinafufuta funso lija n'kulemba lina: TICHITE CHIYANI KUTI ANZATHU 14 OMWE ANASIYA KUBWERA ABWERERE? Nambalayo ndinaiikapo mwadala. "Anthu asiya kubwera" ndi dandaulo, ndipo dandaulo limabala madandaulo ena. Anthu 14 ali ndi nkhope ndi mayina, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwapo mmodzi kapena awiri.

Mnyamata wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Ndiye tingoyamba kutchula, achemwali? Aliyense azinena, mlembi azilemba?"

Ndinamuyankha kuti ayi, ndipo apa m'pamene ndinachedwapo, chifukwa njira ya aliyense-azinena ndi yomwe tonse timaidziwa ndipo imaoneka yachilungamo. Amene anaitchukitsa ndi Alex Osborn, mkulu wa kampani yotsatsa malonda ku New York, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Malamulo ake anali anayi: osadzudzula ganizo la mnzako pa nthawi yotchula, kufuna maganizo ochuluka, kulandira ngakhale ooneka openga, ndi kumanga pa ganizo la wina. Malamulowo ndi abwino ndipo ndimawagwiritsabe ntchito. Chomwe chinadzapezeka kuti chili ndi vuto n'kutchula mokweza muli pamodzi. Mu 1958 ofufuza a pa yunivesite ya Yale anatenga ophunzira n'kuwapatsa mafunso ofanana. Ena anawaika m'magulu a anthu anayi kuti azikambirana, ena aliyense payekha. Ataphatikiza zolemba za anthu anayi ogwira payekhapayekha, n'kuchotsa zobwereza, anapeza maganizo ochuluka pafupifupi kawiri kuposa a anthu anayi okhala pamodzi. Ena ambiri anabwereza kafukufukuyu ndipo ankapeza zofanana.

Chifukwa chake chachikulu anachionetsa Michael Diehl ndi Wolfgang Stroebe mu 1987, ndipo n'chosavuta kumva. Pagulu pamayankhula munthu mmodzi nthawi imodzi. Iwe uli ndi ganizo, ukudikira kuti mnzako amalize. Pamene ukudikira ukuligwira m'mutu kuti lisathawe, ndiye sungaganize lina. Mnzakoyo akamaliza wina walowerera, nkhani yakhotera kwina, ganizo lako layamba kuoneka ngati lachoka pa mutu, ndipo umalisiya. Palibe amene wakuletsa, langofera pamzere. Onjezerapo manyazi, makamaka pagulu la achinyamata pomwe wa zaka 15 wakhala moyang'anizana ndi wa zaka 24, komanso ulesi wa munthu amene waona kuti ena anayi akuyankhula kale mokwanira.

"Inu mukundiuza kuti mutu umodzi susenza denga," ndinatero, "ndipo n'zoona. Koma taonani momwe denga limasenzedwera. Aliyense amagwira mbali yake. Mukaunjikana nonse pa ngodya imodzi, dengalo likugwerani ngakhale mutakhala makumi atatu."

Anaseka, ndipo ine, pokondwa kuti andimvetsa, ndinalakwitsa pomwepo. Ndinafuna kuwaonetsa kuti ganizo lingakhale laling'ono, ndiye ndinati, "Mwachitsanzo, wina akhoza kulemba kuti tisinthe tsiku la msonkhano." Ndinangonena modutsa. Ndidzabwereranso ku chitsanzo chimenechi.

Njira yomwe tinatsata imatchedwa 6-3-5, ndipo anaikonza Bernd Rohrbach wa ku Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anthu asanu ndi mmodzi amakhala mozungulira, aliyense ndi pepala lake. M'mphindi zisanu aliyense amalemba maganizo atatu, osayankhula. Nthawi ikakwana amapereka pepala kwa wa kumanja kwake n'kulandira la wa kumanzere, amawerenga zomwe zilipo, n'kulemba ena atatu, kaya atsopano kaya okulitsa omwe wawapeza. Pepala likazungulira n'kubwerera kwa mwini wake papita mphindi 30, ndipo ngati aliyense wadzaza mipata yonse, gome limodzi latulutsa maganizo 108. Ife tinali ndi magome atatu. Ndinawaletsa kulemba mayina pa mapepala, ndipo ndinabalalitsa anthu okondana kuti asakhale gome limodzi. Wapampando ndinamuika ndi ana aang'ono kwambiri, amene sankamuopa kwenikweni chifukwa sankamudziwa bwino.

Ndime yoyamba inali yophweka. Zolembera zinkathamanga, ena anamaliza m'mphindi ziwiri n'kuyamba kusuzumira kwa anzawo. Yachiwiri chimodzimodzi. Pa ndime yachitatu chipinda chinasintha. Mtsikana wina anali atagwira tsaya, cholembera chili pakamwa. Mnyamata wina anatembenuza pepala kuona ngati kuseri kuli thandizo. Wina anang'ung'udza kuti, "Zonse zalembedwa kale, achemwali." Ndinamuuza kuti alembe chilichonse, ngakhale choti iye mwini akuchiseka.

Nthawi yotopetsayi ndi yomwe ndinadzera. Maganizo oyamba amatuluka mosavuta chifukwa ndi omwe aliyense anawamvapo kale: mpira, phwando, ulendo, kuitana mlendo. Ali pamwamba m'mutu mwa munthu aliyense, n'chifukwa chake amafanana pa mapepala onse. Akatha amenewo m'pamene munthu amakakamizika kukumba, ndipo ofufuza anaona kalekale kuti maganizo obwera mochedwa amakonda kukhala achilendo kuposa oyambirira. Gulu lomwe limaima pamene layamba kutopa limaima pakhomo penipeni pa zomwe linkafuna. Si onse ochedwawo amakhala abwino, ambiri amakhala zinyalala ndithu. Pa pepala lina panalembedwa kuti tizilipiritsa chindapusa aliyense wojomba, zomwe zikanathamangitsa ndi otsala omwe. Koma pansi pa mzere umenewo, ndi cholembera china, wina analemba kuti, "Tisanawalange tikawafunse kaye chifukwa chake." Ganizo loipa lija ndi lomwe linadzutsa labwinoli. Tikanakhala tikutchula mokweza, wa chindapusayo akanawowozedwa, ndipo nkhani ikanathera pa kuseka.

Pa mipata 324 inadzazidwa 163. Tinapuma pang'ono, kenaka anthu atatu anawerenga mapepala mokweza pamene mlembi ankalemba pa bolodi, ganizo lobwereza n'kungoliika kachizindikiro. Anatsala maganizo osiyana 52. Mpira unatchulidwa ka 15, zomwe sizinandidabwitse. Chomwe chinandichititsa manyazi n'chakuti kusintha tsiku la msonkhano kunatchulidwa ka 11, ndipo pafupifupi ponse kunali pa mzere woyamba wa pepala. Chinali chitsanzo changa chija. Ndinali nditatha mphindi makumi awiri ndikuwachenjeza za mphamvu ya ganizo lofika poyamba, kenaka ndinawapatsa langa, ine mlendo wolemekezeka, iwo n'kulikopera mokhulupirika. Ndinawauza poyera kuti zizindikiro 11 zimenezo asaziwerenge ngati umboni wa chilichonse. Kuyambira tsiku limenelo, ndikafuna kupereka chitsanzo ndimachitenga ku nkhani ina yosakhudzana n'komwe ndi funso lomwe lili pa bolodi.

Kuchuluka kwa zizindikiro n'kosocheretsa ngakhale popanda mlendo wolakwitsa. Kumangokuuza ganizo lomwe limabwera msanga m'mutu. Ndinaona maso akuthamangira ku mpira ndi zizindikiro zake 15, ngati kuti chisankho chachitika kale, ndipo ndinapempha mlembi kuti afufute zizindikiro zonse.

Apa ndinayankhulanso kachiwiri, mwachidule. Ndinawauza kuti gawo lomwe tamalizali ndi lophweka, ngakhale latitopetsa. Mu 2006 ofufuza a ku Netherlands anapempha anthu kuti atulutse maganizo kenaka asankhe abwino koposa mwa omwe atulutsa. Omwe anasankhidwawo sanapose kwenikweni omwe akanatoledwa mwachisawawa. Kukhala ndi mulu waukulu sikuthandiza ngati posankhapo mubwerera ku chomwe munachizolowera, kapena ku cha munthu amene mumamuopa.

Ndiye tisanakhudze ganizo lililonse tinagwirizana sefa. Ndinaumirira kuti sefayo ikhale ya mafunso awiri okha oyankhidwa ndi eya kapena ayi. Loyamba: kodi ganizoli likunena chochita chenicheni, choti tingatchule wochichita ndi tsiku lake? Lachiwiri: kodi tingaliyambe m'masabata awiri ndi zomwe tili nazo m'manja? Kugwirizana sefa musanayambe kukangana za maganizo n'kofunika, chifukwa mukachedwa aliyense amapanga muyeso wokomera ganizo lake. Wokonda mpira adzati chofunika n'kukopa anthu ambiri, wokonda maphunziro adzati chofunika n'chopindulitsa m'tsogolo, ndipo onse adzakhala akunena zoona.

Funso loyamba linagwetsa maganizo ambiri okoma kumva. "Tizikondana." "Tikhale ogwirizana." "Atsogoleri akhale odzichepetsa." Mawu otere ndi oopsa pa chisankho chifukwa palibe angawatsutse, ndiye amapambana mosavuta, gulu n'kubalalika litasangalala, sabata yotsatira palibe chosintha. Ndimawazindikira powafunsa kuti, Lachiwiri likubwerali ndani adzakhale akuchita chiyani? Ngati palibe yankho, chimenecho n'chikhumbo. Sitinawataye onse. Pa lililonse ndinkafunsa ngati wina angalisandutse chochita, ndipo "atsogoleri akhale odzichepetsa" linasanduka "wotsogolera msonkhano azisintha sabata iliyonse". Mtsikana amene analisandutsayo ananena akuyang'ana pansi, ndipo ndinazindikira kuti m'mawu ofatsa aja munabisala dandaulo lenileni.

Funso lachiwiri linagwetsa mpikisano waukulu wa mpira. Unkafuna bwalo lopempha, matimu oitanidwa, oyimbira, mphotho, ndi miyezi iwiri yokonzekera. Wapampando anayesa kuuteteza, koma msungichuma anangopukusa mutu. Chikhalirecho mpira sunafe. Pa pepala lina, pa ndime yachinayi, wina anali atalemba kuti tizisewera tokhatokha kwa theka la ola msonkhano ukatha, ndipo limeneli linadutsa sefa bwinobwino. Ndinaona nkhope ya wapampando ikumasuka. Ndimakhulupirira kuti munthu amene ganizo lake lagwa ayenera kuonetsedwa mbali yake yomwe yapulumuka, apo ayi amakhala chete pa msonkhano koma osadzagwira nawo ntchito.

Maganizo 13 anadutsa sefa. Ena anali apachibale, tinawaphatikiza, ndipo anatsala asanu. Tinawapatsa zilembo m'malo mwa mayina a eni ake: A, kusewera mpira tokhatokha msonkhano ukatha; B, kusintha tsiku; C, kupita awiriawiri kukafunsa anthu 14 aja chifukwa chomwe anasiyira; D, ola lothandizana za kusukulu; E, kufupikitsa msonkhano kukhala ola limodzi, wotsogolera n'kumasintha.

Sindinalole kukweza manja. Pokweza manja anthu amayamba ayang'ana dzanja la wamkulu, ndipo ena amakweza theka n'kudikira kuona komwe mphepo ikulowera. Sindinalolenso kuti aliyense angosankha limodzi mwa asanuwo, chifukwa maganizo awiri ofanana amagawana mavoti, lachitatu n'kupambana ngakhale ambiri sakulifuna. Tinayerekeza awiriawiri. Maganizo asanu amapanga mapeyala khumi: A ndi B, A ndi C, mpaka D ndi E. Ndinkatchula peyala, n'kufunsa funso limodzi lomwelo nthawi zonse, lakuti mwa awiriwa ndi liti lingabweze anthu ambiri mwa 14 aja, ndipo aliyense ankalemba chilembo chimodzi pa pepala lake. Wapampando anavomera kusavota kuti ovota akhale 17, pasakhale kufanana. Kuwerenga kunatenga mphindi pafupifupi makumi awiri, zomwe n'zambiri kwa anthu otopa. Njirayi imagwira pa maganizo ochepa okha. Akakhala khumi mapeyala amafika 45, ndipo palibe gulu lingapirire zimenezo.

Ubwino wa kuyerekeza awiriawiri ndi woti munthu sangabisale. Ukafunsidwa ngati ola la za kusukulu ndi labwino, uvomera, ndani angakane? Koma ukafunsidwa ngati lingabweze anthu ambiri kuposa kufupikitsa msonkhano, uyenera kuganizira anthu enieni aja ndi zomwe zimawasowetsa.

C inapambana mapeyala ake onse anayi. A ndi E anapambana awiriawiri, B ndi D limodzilimodzi. Tikanatha kuthera pomwepo, koma mnyamata wina wokonda masamu anaona chinthu pa bolodi. "Achemwali, apa pali cholakwika. E yaposa A, A yaposa D, koma D yaposanso E. Zingatheke bwanji?" Anaganiza kuti owerenga asokoneza. Tinawerenganso, ndipo zinali zolondola. Ndinamuuza kuti wapeza yekha chinthu chomwe katswiri wa masamu wa ku France, Condorcet, analemba mu 1785: munthu mmodzi akhoza kukhala ndi ndondomeko yomveka ya zomwe amakonda, koma gulu likavota awiriawiri zotsatira zikhoza kuzungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Zikatero palibe amene walakwa. Chimene zikuonetsa n'chakuti m'gulumo muli timagulu tomwe tikuona vutolo mosiyana. Titafunsana zinaonekadi. Anyamata akuluakulu ankaganizira anzawo omwe amati misonkhano ndi yotopetsa. A kusekondale ankaganizira anzawo a mayeso. Atsikana angapo ankaganizira anzawo omwe amafunika kufika kunyumba kusanade. Gulu lililonse linkayankha funso langa moona mtima, koma likuona nkhope zosiyana mwa 14 zija. Pa maganizo atatu ozungulirawo, aliyense wonena kuti "gulu lasankha ili" akanakhala akunama, ndipo lopambana likanadalira peyala yomwe wotsogolera wayambira.

Mtsikana amene anali chete tsiku lonse anayankhula apa, ndipo ananditsutsa. "Koma achemwali, C si yankho. Ndi funso chabe. Takhala pano maola awiri kuti tigwirizane zokafunsa?" Ena anaseka, koma ine ndinaona kuti wagunda penipeni. Pali magulu omwe amathawira ku "tifufuze kaye" chifukwa choopa kusankha, ndipo amafufuza mpaka chaka kutha. Ndinamuyankha kuti kusiyana kwake kuli pa malire. Kufunsa kopanda tsiku lomaliza n'kuzengereza. Koma ngati mapeyala asanu ndi awiri a ofunsa atenga anthu awiriawiri mwa 14 aja, n'kubweretsa mayankho pa msonkhano wa sabata yachiwiri, ndipo tagwirizana lero kuti tsiku limenelo tidzasankha pakati pa A, D ndi E zivute zitani, ndiye kuti kufunsako ndi gawo la kusankha. Anavomera monyinyirika, n'kupempha kuti mlembi alembe tsikulo iye akuona. Ndinamukonda mwanayo.

Tisanatseke ndinawapempha chinthu chimodzi chomaliza, chomwe ndinaphunzira ku njira ya katswiri wa za kaganizidwe Gary Klein. Ndinati tiyerekeze kuti masabata awiri apita ndipo ntchito yokafunsayi yakanika kotheratu, aliyense alembe chifukwa chimodzi chomwe yakanikira. Munthu amamasuka kufotokoza kulephera komwe "kwachitika kale" kusiyana ndi kutsutsa chomwe anzake angochigwirizana. M'mphindi zitatu panatuluka zinthu ziwiri zothandiza. Wina analemba kuti ofunsidwawo adzangoti "ndinatanganidwa" pofuna kusakhumudwitsa, ndipo tinagwirizana kuti funso lisakhale "bwanji sukubwera" koma "chingasinthe n'chiyani kuti ubwere". Wina analemba kuti palibe angauze wapampando m'maso kuti misonkhano yake imatalika, ndipo wapampando yekha anadzichotsa pa mndandanda wa opita.

Pali funso lomwe anandifunsa panja, titatseka, lomwe ndikanakonda likanafunsidwa m'kati. Mlembi anati, "Ndiye chilichonse tizichita chonchi?" Ndinati ayi ndithu. Maola awiri ndi theka a anthu 18 ndi chuma chambiri. Za mtundu wa nsalu yoyala pa gome kapena nyimbo yotsegulira, munthu mmodzi asankhe, zikalakwika mudzasintha sabata yamawa. Pa ngozi, wodziwa alamule ena amvere. Njira yaitaliyi ndi ya ziganizo zomwe zidzadya miyezi ya gulu kapena thumba lake lonse, zovuta kubweza mukaziyamba, makamaka pamene mwaona kuti aliyense wavomera msanga ganizo la munthu wamkulu. Mpikisano uja unali wotero.

Patapita masabata awiri mlembi ananditumizira chithunzi cha tsamba la m'buku lake. Mwa anthu 14 anapezeka 11. Asanu anati misonkhano imatalika ndipo imatha kutada. Atatu anati amayankhula ndi anthu omwewomwewo, ena amangokhala ngati alendo. Mmodzi anasamuka, ndipo palibe ankadziwa. Za kusintha tsiku, chitsanzo changa chotchuka chija, palibe ndi mmodzi yemwe anazitchula. Gulu linasankha E, ndipo wotsogolera woyamba pa ndondomeko yatsopanoyo anali mtsikana wonditsutsa uja.

Awiri otsalawo anati angabwerere kukakhala mpira. Wapampando anajambula mzere umenewo pawokha n'kunditumizira, ataulemba mozungulira ndi cholembera chofiira. Akuti akufuna kubweretsanso nkhani ya mpikisano chaka chamawa, ndipo wandifunsa ngati ndingadzabwere ndi mapepala ena.